Ndime ya pamwamba pa sivii ya mayi amene wakhala pakhomo kulera ana kuyambira 2017

Mayi wa ku Eliya 25:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha thandizo pa ndime yachidule imene imakhala pamwamba pa sivii, pansi pa dzina ndi nambala ya foni. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa maakaunti pa kampani ina yopikulitsa katundu ku Kanengo kuyambira 2011 mpaka 2017, ndipo ndinasiya nditabereka mwana wachiwiri chifukwa panalibe wondisamalira ana. Tsopano wachitatu, amene ndi chitsirizira, wayamba Sitandade 1, ndipo sukulu ina yoyima payokha kuno ku Lilongwe ikufuna munthu wothandizira wowerengera ndalama. Sivii ndalemba m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma zimene ndanena m'ndimeyo ndi izi: "Ndine mayi wa ana atatu, wolimbikira, wokhulupirika ndi woopa Mulungu. Ngakhale ndakhala pakhomo zaka 8 osagwira ntchito, ndine wokonzeka kuphunzira chilichonse, ndipo ndikupempha kuti mundipatse mwayi wina." Ndikaiwerenga ndikuona kuti yonse ndi yoona, koma mtima sukukhazikika. Kodi ndiisiye chonchi?

Bambo wa ku Kawale:
Amayi, musaisiye chonchi. Ine ndakhalapo m'gulu lofunsa anthu ofuna ntchito, ndipo ndikuuzani kuti mawu akuti "ngakhale" ndi "osagwira ntchito" akugwetsani musanalowe n'komwe m'chipinda. Chotsani nkhani ya ana yonse. Zaka zimene munali pakhomozo muzitseke ndi udindo womveka bwino, monga woyang'anira chuma cha banja kapena mkulu wa bizinesi ya banja, popeza kuyendetsa nyumba ya ana atatu ndi mitengo ya zinthu ya masiku ano ndi ntchito ya bajeti ndithu. Wowerenga asaone mpata uliwonse pakati pa 2017 ndi lero.

Mayi wa ku Likuni:
Ine ndikuona kuti chasowa ndi ulemu. Muyambe ndi kulonjera mkulu wa sukuluyo, mutchule nyuzipepala imene munaonamo kulengeza kwa ntchitoyo ndi tsiku lake, kenako mumalize ndi mawu oti mudzakondwa pempho lanu likamveka. Popanda zimenezi amaona ngati munthu ndi wodzikuza.

Mayi wolemba antchito wa ku Eliya 47:
Amayi a ku Likuni, zimene mwatchulazo ndi za kalata yofunsira ntchito, imene imapita pamodzi ndi sivii, ndipo m'kalatamo ndi zoyenera ndithu. Ndime imene akufunsa anzathuwa ilibe malonje kapena pempho. Ndi mizere inayi kapena isanu yokha, ndipo ntchito yake ndi kuuza wowerenga kuti munthu uyu amadziwa ntchito yanji.

Amayi a ku Eliya 25, ndiloleni ndikufotokozereni mmene ndime imeneyi imawerengedwera kumbali yathu. Tsiku lotsekera likadutsa, timakhala ndi mulu wa maenvulopu kapena maimelo, ndipo pambali pake timaika mndandanda wa zimene tinapempha polengeza ntchitoyo. Pa ulendo woyamba sitiwerenga sivii yonse. Timayang'ana pamwamba kuti tione ngati munthuyu ali ndi pepala limene tinapempha, ngati anagwirapo ntchito yofanana nayo, ndiponso kwa zaka zingati. Tsono taonani ndime yanu ndi maso amenewo. Mulibe mawu akuti maakaunti. Mulibe dipuloma. Zaka 6 za ku Kanengo mulibe, koma zaka 8 za pakhomo ndiye zatchulidwa ndi nambala yake. Munthu amene angawerenge ndime yokhayo sangadziwe ngati mukufuna ntchito ya mu ofesi ya ndalama kapena ya kukhitchini ya sukuluyo. Kulimbikira ndi kukhulupirika amalemba pafupifupi aliyense amene envulopu yake ili mu muluwo, ndipo palibe njira yoti ine ndizitsimikizire pa pepala, choncho maso amangodutsapo.

Abambo a ku Kawale alondola kuti "ngakhale" achoke. Chiganizo chimene chayamba ndi "ngakhale" chimauza wowerenga kuti inu mwadziweruza kale. Koma pa nkhani yodzipatsa udindo wongopeka sindikugwirizana nawo, makamaka pa ntchito yogwira ndalama. Mukalemba kuti munali mkulu wa bizinesi ya banja, funso loyamba pa tsiku lokufunsani lidzakhala dzina la bizinesiyo, ngati inalembetsedwa, ndi amene angakuchitireni umboni. Mukayamba kugwagwaja poyankha, a komiti amayamba kukayikiranso zaka za ku Kanengo zimene ndi zoona.

Kuti tikuthandizeni bwino, tiuzeni: ku Kanengo munkachita chiyani kwenikweni kuyambira pa 1 mpaka kutha kwa mwezi? Muli ndi pepala lanji? Kuyambira 2017 mwagwirapo buku la ndalama lililonse la anthu ena, ngakhale mosalipidwa? Ndipo sukuluyo yalemba kuti ikufuna chiyani?

Mayi wa ku Eliya 25:
Zikomo kwambiri amayi. Ndili ndi MSCE ndi dipuloma ya maakaunti imene ndinalemba mayeso ake pansi pa bungwe la mayeso a maakaunti la PAEC. Ku Kanengo ndinkakonza malipiro a antchito 40 mwezi uliwonse, kudula PAYE ndi penshoni, kulemba malisiti ndi mainvoisi, kutsatira eni magolosale amene anatenga katundu pa ngongole, ndiponso kufananitsa mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki kumapeto kwa mwezi. Tinkagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta a Sage ndi Excel. Kuyambira 2020 ndine msungichuma wa banki mkhonde ya amayi 25 ya m'dera lathu, komanso ndimagulitsa zitenje pa WhatsApp, ngakhale zimenezo sindinaziwerengere ngati ntchito. Sukuluyo ikufuna munthu wa dipuloma ya maakaunti, amene anagwirapo ntchito zaka zosachepera 3, wodziwa kukonza malipiro, kutolera fizi ndi kugwiritsa ntchito Excel.

Mayi wolemba antchito wa ku Eliya 47:
Ndiye kuti pafupifupi chilichonse chimene apempha muli nacho, ndipo ndime yanu yoyamba sinatchule ngakhale chimodzi. Tiyeni tiimange mwa dongosolo lina.

Chiganizo choyamba chikhale cha ntchito, pepala ndi zaka: ndinu kalaliki wa maakaunti wa dipuloma amene anagwira ntchito zaka 6. Iwo apempha zaka 3, inu muli ndi kuwirikiza kawiri, choncho nambalayo ioneke pa mzere woyamba. Chiganizo chachiwiri chitenge pa ntchito za ku Kanengo zokhazo zimene zikufanana ndi zimene sukulu ikufuna. Malipiro a antchito 40 alowe ndi nambala yake. Kutsatira eni magolosale amene sanabweze ngongole kulowenso, chifukwa ndi ntchito yomweyo imene kalaliki wa pasukulu amagwira potsatira makolo amene sanamalize fizi: kudziwa amene walipira, amene watsala ndi zingati, ndi kumukumbutsa popanda kuyambana naye. Mainvoisi ndi zina zing'onozing'ono zidikire m'munsi, pamene mukufotokoza ntchito iliyonse payokha.

Kupuma kwanu kubwere pachitatu, wowerenga atadziwa kale kuti ndinu ndani, ndipo kutenge theka la chiganizo: zaka ndi chifukwa, popanda kupepesa. Theka linalo likhale la banki mkhonde, chifukwa ndi umboni wakuti dzanja lanu silinasiye kulemba manambala. Chomaliza chinene ntchito imene mukufuna ndiponso kuti mungathe kuyamba nthawi yomweyo, chimene ndi mwayi wanu pa anthu amene ali kale pantchito ndipo ayenera kuyamba atsanzika kumene ali.

Wowerengera ndalama wa ku Eliya 18:
Ndikuvomereza dongosolo limenelo, koma ndiwonjeze za kumbali ya maakaunti, chifukwa amene adzawerenge sivii imeneyi kachiwiri ndi wowerengera ndalama wa pasukuluyo, ndipo iye nkhawa yake si ana ayi. Nkhawa yake ndi yakuti zimene mukudziwa zinaima mu 2017. Kuchokera nthawi imeneyo chaka cha boma cha zachuma chinasintha, ndipo kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo m'malo mwa 1 Julaye. Magawo a PAYE asinthidwa kangapo m'mabajeti. Zambiri za msonkho tsopano zimatumizidwa ku MRA kudzera pa Msonkho Online. Lamulo la penshoni nalo linalembedwanso mu 2023, ngakhale kuti zopereka zochepetsetsa zikadali 10 peresenti kwa wolemba ntchito ndi 5 peresenti kwa wantchito. Ngati mungathe kupeza magawo a PAYE a chaka chino, n'kukonza pa Excel malipiro oyerekezera a anthu angapo mpaka atuluke bwino, ndiye mukhoza kulemba moona kuti mukudziwa kawerengedwe ka PAYE ka panopa. Mawu ochepa amenewo adzagwira ntchito yaikulu kuposa "ndine wokonzeka kuphunzira chilichonse". Koma musalembe kuti mumadziwa Msonkho Online ngati simunaigwiritsepo ntchito; pa tsiku lokufunsani akhoza kukupatsani kompyuta.

Chachiwiri ndi chenjezo pa manambala a ndalama. Anthu amakonda kulemba kuti ndinkayendetsa mamiliyoni akuti pa mwezi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero ndalama imene inali yaikulu mu 2016 idzaoneka yochepa kwa wowerenga wa lero amene alibe nthawi yoganizira zimenezo. Chiwerengero cha antchito kapena cha makasitomala sichinagwe mphamvu. Lembani antchito 40, osati mamiliyoni.

Pa dipuloma, lembani dzina limene lili pa satifiketi yanu. Mayeso amenewo masiku ano amayendetsedwa ndi bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM, ndipo kulengeza kwa ntchito kawirikawiri kumatchula ICAM, choncho ikani mayina onse awiri kuti kalaliki wachinyamata amene akusankhula maenvulopu asakutayeni chifukwa chosadziwa PAEC.

Bambo wa ku Kawale:
Za udindo wa bizinesi ya banja ndazimva, ngakhale ndikudziwa anthu amene anatero n'kulembedwa ntchito. Koma pa nkhani yotchula ana sindisuntha. Alipo mabwana amene akangoona mawu akuti kulera ana amayamba kuwerengera masiku amene mayiyu adzajombe mwana akadwala malungo, kapena pamene adzapemphe kuweruka msanga kukatenga mwana kusukulu. Sadzanena poyera, adzangoika envulopuyo pambali. Bwanji osangolemba kuti "ndinapuma pantchito kuyambira 2017" n'kusiyira pomwepo?

Mayi wolemba antchito wa ku Eliya 47:
Mabwana oterowo alipo, abambo, sindikukana. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa chakuti ndi wamkazi, ali pabanja, kapena ali ndi maudindo a pabanja, ndipo limakhudzanso nthawi yolemba anthu ntchito, koma envulopu ikaikidwa pambali mwakachetechete palibe amene angatsimikize chifukwa chake. Vuto la njira yanu ndi lakuti mpata wopanda chifukwa wowerenga amaudzaza yekha, ndipo pa ntchito ya maakaunti chimene chimabwera msanga m'mutu ndi chakuti mwina munthuyu anachotsedwa ndalama zitasowa. Pakati pa kuganiziridwa zimenezo ndi kudziwika kuti munali kulera ana, ine ndingasankhe chachiwiri. Chimene ndingachotse ndi chiwerengero cha ana, zaka zawo, ndi mzere uja umene ambiri amaikabe pa sivii wonena ngati munthu ali pabanja kapena ayi. Mawu akuti "kusamalira banja" akwanira.

Namwino wa ku Mchesi:
Pepani kulowerera, koma nkhaniyi yandikhudza. Ine ndinasiya unamwino kuti ndisamalire mwana amene ankadwaladwala, ndipo pobwerera ndinapeza kuti ndime yokongola sinathandize kanthu mpaka nditakonza kaye za chiphaso changa ku bungwe loona za anamwino ndi azamba. Chipatala china chinandibwezera mapepala chifukwa cha chimenecho chokha. Choncho kwa ife mzere woyamba uyenera kunena kuti chiphaso chili bwino chaka chino, zina zonse pambuyo. Kodi ndiyenera kutchula kuti mwanayo ankadwala? Ndimaona kuti zikufotokoza bwino chifukwa chimene ndinasiyira.

Mayi wolemba antchito wa ku Eliya 47:
Achemwali a ku Mchesi, za chiphaso mwalondola, ndipo pa ntchito yanu chikhaledi pa mzere woyamba. Za matenda a mwana musalembe. Ndi nkhani ya mwanayo, sivii imadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene simudzawaona, ndipo imadzutsa funso lakuti kodi wachira, limene simungaliyankhe m'mizere isanu. Mukafuna kufotokoza, mudzatero ndi pakamwa akakuitanani.

Mayi wa ku Likuni:
Ndamva tsopano kusiyana kwa kalata ndi ndimeyi. Koma banki mkhonde pa sivii, zoona? Ife tonse tili m'mabanki amenewa. Kodi sadzaseka kuti mayiyu wasowa cholemba?

Wowerengera ndalama wa ku Eliya 18:
Zitengera mmene yalembedwera. Kukhala membala wa banki mkhonde si chinthu cholemba pa sivii. Koma munthu amene amalemba masheya a anthu 25 pa msonkhano uliwonse, kuwerengera chiwongoladzanja cha ngongole iliyonse, kusunga padera thumba la zadzidzidzi, ndi kuwerengera gawo la aliyense pa tsiku logawana kumapeto kwa chaka, akugwira ntchito ya maakaunti, ndipo akuigwira pamaso pa anthu amene ndalamazo ndi zawo. Funso limene ndili nalo kwa amayi a ku Eliya 25 ndi lakuti amene amalemba buku ndi ndani, chifukwa m'magulu ambiri msungichuma amangosunga bokosi kapena foni, ndipo buku limakhala kwa mlembi. Lembani chimene mumachita inuyo, osati chimene dzina la udindo likumveka. Ndipo wapampando wa gululo mumupemphe kuti akhale mmodzi wa okuchitirani umboni, chifukwa bwana wanu wa mu 2017 sangathe kunena kanthu za zaka zaposachedwazi, mwinanso nambala yake inasintha.

Mayi wa ku Eliya 25:
Mlembi wathu amalemba za pamsonkhano ndi mayina a amene abwera, koma buku la masheya ndi ngongole ndimalemba ndine, ndipo ndinalisamutsira pa Excel chifukwa ambiri amatumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndiye ndimafananitsa mauthenga a pafoni ndi bukulo tisanakumane. Ndayesa kulembanso ndimeyo motsatira zimene mwandiuza, ndipo tanthauzo lake ndi ili:

"Ndine kalaliki wa maakaunti wa dipuloma ya PAEC, imene tsopano ili pansi pa ICAM, ndipo ndinagwira ntchito zaka 6 pa kampani yopikulitsa katundu ku Kanengo. Ndinkakonza malipiro a antchito 40 pamodzi ndi PAYE ndi penshoni, kutsatira ngongole za makasitomala, ndi kufananitsa mabuku ndi sitetimenti za ku banki pa Sage ndi Excel. Ndinapuma pantchito mu 2017 kuti ndisamalire banja, ndipo kuyambira 2020 ndimasunga pa Excel mabuku a masheya ndi ngongole a gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la anthu 25. Ndimagulitsanso zitenje. Ndikufuna ntchito yothandizira wowerengera ndalama pasukulu, ndipo ndingathe kuyamba nthawi yomweyo."

Za PAYE ya chaka chino sindinaikemo chifukwa sindinayeserebe. Ndidzawonjezera ndikakonza malipiro oyerekezera aja.

Mayi wolemba antchito wa ku Eliya 47:
Iyi ndiye ndingaiike pa mulu wa oitanidwa. Pali njira yophweka yoyesera: phimbani sivii yonse ndi dzanja, musiye ndime yokhayo, kenako muwerenge zimene sukulu yapempha chimodzichimodzi. Dipuloma ilipo, zaka zilipo, malipiro alipo, Excel ilipo kawiri, kamodzi kale ndi kamodzi panopa. Chatsala ndi kutolera fizi, chimene simunachitepo, ndipo mwachita bwino kusanama. Kutsatira ngongole kwaima m'malo mwake, ndipo kugwirizana kwa ziwirizi mukufotokoze m'kalata yofunsira ntchito, mmene muli malo okwanira.

Ndingasinthe ziwiri. Kufananitsa mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba ndi buku kulowe m'chiganizo chachitatu, chifukwa makolo ambiri amalipira fizi ku banki kapena pafoni n'kubwera ndi kapepala kapena uthenga, ndipo wina ayenera kugwirizanitsa ndalama iliyonse ndi dzina la mwana. Chachiwiri, chotsani zitenje m'ndimeyi. Chiganizocho chaima chokha, sichikuyankha chilichonse chimene apempha, ndipo mkulu wa sukulu akhoza kuganiza kuti mudzakhala pa foni ndi makasitomala nthawi ya ntchito.

Wowerengera ndalama wa ku Eliya 18:
Pa zitenje ndikusiyana nanu pang'ono, amayi. M'ndime ya pamwamba zichokedi, koma m'munsi, pa mndandanda wa ntchito, ine ndingazisiye ndi zaka zake, makamaka ngati pali buku la zogula ndi zogulitsa. Munthu amene wakhala akuwerengera phindu pa katundu wooda pamene mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi ndimamukhulupirira. Komanso pa mndandanda umenewo pakhale mzere wa kupuma pantchito ndi zaka zake, kuti zimene zili pamwamba zigwirizane ndi zimene zili m'munsi, ndiponso zigwirizane ndi kalata imene kampani ya ku Kanengo inakupatsani pochoka. Zaka zikasemphana ngakhale ndi chaka chimodzi, ife a maakaunti timaona.

Bambo wa ku Kawale:
Ndime yatsopanoyi ndi yabwino kuposa yoyamba, zimenezo sindingatsutse. Koma ine ndikanakonza mitundu iwiri: ina yotchula kusamalira banja, yopita kusukulu ndi ku mabungwe omwe si aboma, ina yongoti "ndinapuma pantchito", yopita ku makampani a ku Kanengo. Maofesi a kumeneko ndimawadziwa.

Mayi wolemba antchito wa ku Eliya 47:
Kukhala ndi ndime yosiyana pa ntchito iliyonse ndikuvomereza, popeza chiganizo chachiwiri ndi chomaliza ziyenera kusintha malinga ndi zimene apempha. Ku kampani yogulitsa katundu, mainvoisi abwerera pamwamba. Pa kubisa chifukwa chopumira, ine ndi inu sitigwirizana, ndipo asankha okha amayiwa.

Mayi wa ku Eliya 25:
Kusukulu kuno ndisiya mawu akuti kusamalira banja, zitenje ndizitsitsa m'munsi, ndipo za Airtel Money ndi Mpamba ndiziwonjezera. Za makampani ndidzaganiza ikapezeka ntchito yake. Abambo a ku Eliya 18, magawo a PAYE a chaka chino ndingawapeze kuti, ndipo kodi penshoni ya 5 peresenti imadulidwa PAYE isanawerengeredwe kapena pambuyo pake? Ndikufuna kutsimikiza ndi mmene zilili panopa ndisanalembe kuti ndikudziwa.

Wowerengera ndalama wa ku Eliya 18:
Magawowo muwatenge pa tsamba la MRA kapena ku ofesi yawo, osati pa zithunzi zimene zimazungulira pa WhatsApp, chifukwa zambiri ndi za zaka zam'mbuyo ndipo sizisonyeza tsiku limene zinayamba kugwira ntchito. Funso la penshoni mukalifunse komweko kuti yankho lichokere kwa eni msonkho. Mukakonza malipiro oyerekezerawo, sankhani anthu a malipiro osiyana kwambiri, wina wosafika pa gawo lolipira msonkho ndi wina wodutsa magawo onse, kenako munditumizire padera ndione ngati manambala akutuluka bwino tsiku lotsekera lisanafike.